Amene Anagula Golide mu Januwale 1980

Lolemba, pa 21 Januwale 1980, mtengo wa golide pamsika wa ku London unafika madola 850 pa aunzi imodzi, yomwe ndi magalamu 31.1. Unali usanafikepo pamenepo chiyambire. Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, aunzi yomweyo boma la Amereka linkaiwerengera madola 35.

Anthu amene ankagula golide masiku amenewo sanali opusa, ndipo mantha awo anali ndi maziko. Ku Amereka mitengo ya zinthu inkakwera ndi 13 peresenti pachaka. Mafuta a galimoto anali atakwera kawiri konse m'zaka za m'ma 1970. Ku Iran boma linali litagwa mu 1979, ndipo ogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Amereka ku Tehran anali atagwidwa ukapolo. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali a Soviet Union analowa m'dziko la Afghanistan. Munthu aliyense wolandira malipiro ankaona ndi maso ake kuti ndalama yake ikuchepa mphamvu mwezi ndi mwezi. Choncho mawu akuti golide sawola, boma silingamusindikize, ndipo amasunga mphamvu ya ndalama mpaka kwa zidzukulu ankamveka ngati nzeru yosafunika kutsutsa.

Tiyeni titsatire munthu mmodzi wongoyerekeza, Mmereka wa zaka 40, amene tsiku limenelo anatenga madola 8,500 omwe anasunga ndi kugula maaunzi khumi. Cholinga chake sichinali kulemera. Ankangofuna kuti akadzapuma pantchito, chuma chakecho chidzagule zinthu zofanana ndi zomwe chikanagula mu 1980. Ndilo lonjezo lomwe golide amadziwika nalo, ndipo ndilo tiyenera kumuyesa nalo.

Poyesa pamafunika muyeso. Boma la Amereka limatulutsa mwezi uliwonse mlozo wa mitengo wotchedwa CPI, womwe umasonyeza mtengo wa zinthu zimene banja wamba limagula: chakudya, lendi, mafuta, mankhwala, zovala. Mu Januwale 1980 mlozowu unali pa 77.8. Ukafika kawiri pamenepo, ndiye kuti zinthu zakwera kawiri, ndipo munthu wathu akufunika madola 17,000 kuti agule zimene 8,500 inkagula. Golide wake akamakwera limodzi ndi mlozowu, lonjezo lasungidwa. Akamatsalira, lasweka, ngakhale golideyo akadali wonyezimira m'bokosi.

Mavuto anayamba msanga. Pofika pakati pa Malichi 1980, miyezi iwiri yokha, aunzi inali pansi pa madola 500. Unakweranso pang'ono chakumapeto kwa chaka, kenako unayamba ulendo wautali wotsika. Chodabwitsa n'chakuti mitengo ya zinthu sinasiye kukwera. M'chaka cha 1980 inakwera ndi 13.5 peresenti, mu 1981 ndi 10 peresenti ndi kanthu. Chinthu chomwe munthu wathu ankachiopa chinachitikadi monga ankaganizira, koma chomutetezacho chinalowera kwina.

Chifukwa chake chili kwa munthu wina dzina lake Paul Volcker, amene anakhala mkulu wa banki yaikulu ya Amereka, Federal Reserve, mu Ogasiti 1979. Iyeyu anatsimikiza mtima kuthana ndi kukwera kwa mitengo ngakhale zitapweteka. Analola chiwongoladzanja kukwera mpaka kufika cha m'ma 20 peresenti. Mu 1981, munthu wobwereketsa ndalama zake ku boma la Amereka kwa zaka khumi ankalonjezedwa zoposa 15 peresenti chaka chilichonse. Apa ndipo pagona nkhani yonse ya golide. Golide sabala. Ali ngati mbuzi yosaswa: umaisamala, umailipirira khola, koma chaka chikatha imakhala imodzi yomweyo. Pamene chiwongoladzanja chili pansi pa kukwera kwa mitengo, monga zinalili kangapo m'ma 1970, kusabalako sikupweteka, chifukwa wosunga ndalama kubanki akuluza kale. Koma chiwongoladzanja chikaposa kukwera kwa mitengo, wosunga golide amayamba kuona anzake akupindula iye ali duu, ndipo amagulitsa. Akagulitsa ambiri, mtengo umagwa. Pofika 1983 mitengo ya zinthu ku Amereka inkakwera ndi 3 peresenti ndi kanthu basi, pomwe chiwongoladzanja chinali chikadali pamwamba.

Munthu wathu anapirira. Anali atamva kuti golide ndi wa nthawi yaitali, ndiye anadikira. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 mtengo unkangoyendayenda, nthawi zambiri pakati pa madola 300 ndi 450. Pakati pa chaka cha 1999 unafika pa madola 253. Maaunzi ake khumi tsopano anali a madola 2,530. Mlozo wa mitengo unali utafika pa 167, kutanthauza kuti ankafunika madola oposa 18,000 kuti agule zimene 8,500 inkagula poyamba. Gawani 2,530 ndi 18,000, mupeza kuti pa zinthu 100 zilizonse zimene chuma chake chikanagula mu 1980, tsopano chinkagula 14. Anali ndi zaka 59, kupuma pantchito kuli pakhomo.

Taganizani bwino apa, chifukwa n'zowawa. Akanangokulunga madola 8,500 aja m'nsalu n'kuwaika pansi pa bokosi osawakhudza, mu 1999 akanagula zinthu 46 kapena 47 pa 100. Ndalama yapepala yomwe ankaithawa inamusungira mphamvu kuposa golide katatu. Ndipo akanaiika pachiwongoladzanja, ikanaposa kukwera kwa mitengo.

Si anthu wamba okha amene anataya mtima ndi golide nthawi imeneyo. Pakati pa 1999 ndi 2002, boma la Britain, nduna ya zachuma ili Gordon Brown, linagulitsa matani pafupifupi 395 a golide wa dzikolo pa mtengo wa madola pafupifupi 275 pa aunzi. Mpaka pano anthu kumeneko amaitchulabe nkhaniyi ndi mkwiyo. Imatiphunzitsa chinthu china chimene ogulitsa golide satchula: pamene mtengo uli pansi penipeni, pamene kugula kuli kwanzeru, ndi pamene aliyense, ngakhale akatswiri a boma, amakhala atamutaya.

Mtengo unabwerera pa madola 850 mu Januwale 2008, patatha zaka 28. Nkhani zinalembedwa kuti golide wafikanso pamwamba pake. Koma madola a 2008 sanali madola a 1980. Mlozo unali pa 211, ndiye munthu wathu ankafunika madola 23,000, pomwe m'manja anali ndi 8,500. Mavuto a mabanki a chaka chimenecho anakankha golide kwambiri, ndipo mu Sepitembala 2011 anafika cha pa madola 1,895. Maaunzi khumi anali a madola 18,950, koma ofunika anali pafupifupi 24,800. Anayandikira, sanafike. Kenako mtengo unagwanso mpaka madola 1,050 mu Disembala 2015, ndipo chuma chake chinabwerera pogula zinthu 41 pa 100. Tsiku lomwe golide wake anagulanso zimene akanagula mu 1980 linafika mu 2025, mtengo utadutsa madola 3,500. Zaka 45 zinali zitadutsa. Ngati anali moyo, anali ndi zaka 85.

Wina anena kuti ndasankha dala tsiku loipitsitsa, ndipo n'zoona kuti ndi anthu ochepa amene anagula pa 850 penipeni. Ndiye tiyeni tichotse tsikulo. Mtengo wapakati wa chaka chonse cha 1980 unali madola pafupifupi 615, ndipo wa chaka cha 2001 unali 271. M'zaka 21 zimenezi mitengo ya zinthu inakwera kuposa kawiri. Wogula mwezi uliwonse mu 1980, mosathamanga, anatayabe mphamvu ya chuma chake ndi 80 peresenti. Vuto silinali tsiku limodzi, linali nyengo yonse.

Koma kutsutsa kumeneku kuli ndi mbali ina yoyenera kuiona, chifukwa okonda golide nawo amasankha tsiku lawo. Iwo amayambira mu 1971. Kuchoka pa madola 35 kufika pa 4,000 mu Okutobala 2025 ndi kukwera koposa ka 100, pomwe mitengo ya zinthu ku Amereka inakwera pafupifupi ka 8. Masamuwa ndi olondola. Chimene amabisa ndi mbiri ya nambala 35 ija. Mtengo umenewu sunali wa pamsika. Boma la Franklin Roosevelt linaukhazikitsa mu 1934, ndipo unakhala womwewo mpaka Richard Nixon anasiya kusintha madola ndi golide pa 15 Ogasiti 1971. M'zaka 37 zimenezo mitengo ya zinthu inakwera katatu golide ali pamodzimodzi. Gawo lalikulu la kukwera kwa m'ma 1970 linali kubweza zomwe lamulo linapondereza. Ndiponso Mmereka wamba sakanagula pa 35, chifukwa kuyambira mu 1933 lamulo linkamuletsa kusunga golide wa ndalama kapena wa zidutswa, ndipo linamasulidwa pa 31 Disembala 1974. Amene anathamangira kugula lamulo litangomasuka anapeza mtengo uli cha m'ma 180 ndi 190, ndipo pofika Ogasiti 1976 unali pafupi ndi 105, mitengo ya zinthu ikukwerabe.

Tikaika nthawi zonsezi pamodzi, chithunzi chimaoneka. Kuyambira 1980 mpaka 2001 golide anatsalira kutali kwambiri kumbuyo kwa mitengo. Kuyambira 2001 mpaka 2025 anakwera pafupifupi ka 15 pomwe mitengo sinafike n'kawiri komwe. Ulendo wachiwiriwu unalemeretsa anthu, ndipo sindikuwachitira nsanje. Koma chinthu chimene chimatsatira kukwera kwa mitengo sichichita chotero. Chikanakhala chotsatira, chikanakwera kawiri mitengo ikakwera kawiri, n'kuima pamenepo. Kupindula kwakukulu kwa wogula wa 2001 ndi umboni wofanana ndi kuluza kwa wogula wa 1980: golide amayenda njira yake.

Mayeso atsopano anachitika posachedwa, ndipo ambiri tikuwakumbukira. Mu Ogasiti 2020 golide anadutsa madola 2,000 koyamba. Kenako mitengo ya zinthu ku Amereka inakwera mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse m'zaka 40, mpaka 9.1 peresenti mu Juni 2022. Iyi inali nthawi yoti golide aonetse ntchito yake. Koma kumayambiriro kwa Novembala 2022 anali cha pa madola 1,630. Zinthu zinakwera ndi pafupifupi 15 peresenti, iye anatsika ndi pafupifupi 20. Chifukwa chake ndi chomwe chija: banki yaikulu inakweza chiwongoladzanja.

Nanga chikhulupiriro chakuti golide amasunga mphamvu ya ndalama chinachokera kuti? Chili ndi choona mkati mwake, ndipo ndi bwino kuchinena mwachilungamo. Katswiri wa zachuma Roy Jastram anatsata mitengo ya ku England kuyambira mu 1560, n'kutulutsa buku lotchedwa The Golden Constant mu 1977. Anapeza kuti pakatha zaka mazanamazana, golide amabwerera pogula zinthu pafupifupi zofanana. Koma anapezanso kuti m'nyengo zimene mitengo inkakwera kwambiri, mphamvu ya golide kawirikawiri inkatsika, ndipo inkakwera pamene mitengo inkagwa. Mu 2013, Claude Erb ndi Campbell Harvey anabwereza funsoli m'kafukufuku wotchedwa The Golden Dilemma. Anayerekeza malipiro a mtsogoleri wa asilikali wa Chiroma m'nthawi ya mfumu Augusto ndi a kaputeni wa asilikali a Amereka, onse powawerengera m'golide, ndipo anapeza kuti sasiyana kwambiri. Zaka zikwi ziwiri golide anasungadi mphamvu yake. Koma poyang'ana zaka zisanu, khumi, kapena makumi awiri, anapeza kuti sangadaliridwe.

Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe anthu amanyengedwera popanda wonama. Wogulitsa akanena kuti golide amasunga chuma pa nthawi yaitali, iye akunena zaka mazana, womvera akumva zaka makumi awiri zomwe zatsala kuti apume pantchito. Palibe banja limene limasunga ndalama kuti lidzagwiritse ntchito patatha zaka 300. Mwana amafunika fizi chaka chakuti, matenda amabwera osapangana nawo, ndipo tsiku logulitsa silisankhidwa ndi mwini golide. Likagwa mu 1999 kapena mu 2015, zimene Jastram anapeza sizimuthandiza kanthu.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati golide ndi wodula kapena wotchipa poyerekeza ndi zinthu zina, ndipo Erb ndi Harvey anaigwiritsa ntchito. Tengani mtengo wa aunzi m'madola, mugawe ndi mlozo wa CPI wa mwezi womwewo. Pa 21 Januwale 1980, 850 kugawa ndi 77.8 imatipatsa pafupifupi 11. Mu 2001, 271 kugawa ndi 177 imatipatsa 1.5. Mu Sepitembala 2011 yankho linali 8 ndi kanthu, mu Disembala 2015 linali 4.4. Golide akanakhala kuti amatsatiradi mitengo, yankholi likanakhala pamodzimodzi chaka ndi chaka. M'malo mwake layenda kuchoka pa 11 kufika pa 1.5 n'kubwereranso. Ndipo zimene zinatsatira zikugwirizana: wogula yankho lili pamwamba anavutika zaka zambiri, wogula lili pansi anapindula. Muyeso uwu suuza munthu mwezi kapena chaka chimene mtengo udzatembenuke, chifukwa golide wodula akhoza kudulirabe kwa zaka zingapo. Umangomuuza kuti akulowa pamtengo wotani poyerekeza ndi amene analowa iye asanabwere.

Tsopano funso lomwe wowerenga wa ku Lilongwe kapena ku Chipata ali nalo ndi lomveka: zonsezi ndi za madola, nanga ife a makwacha? Apa golide ali ndi ntchito yeniyeni, ndipo sindiikana. Mtengo wake umakhazikitsidwa kunja m'madola, ndiye kwacha ikagwa, mtengo wake m'makwacha umakwera tsiku lomwelo. Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola. Aunzi ya madola 1,950 inachoka pa K2.3 miliyoni kufika pa K3.3 miliyoni, pomwe wosunga makwacha kubanki anadzuka ali wosauka kuposa dzulo lake.

Koma tiyenera kuzindikira chimene chinateteza munthuyo. Si golide, ndi dola yomwe ili mkati mwa mtengo wa golide. Chinthu chilichonse chogulitsidwa pa mtengo wa madola chinakwera chimodzimodzi. Wogula golide ku Malawi amakhala wanyamula zinthu ziwiri pamodzi: chitetezo ku kugwa kwa kwacha, ndi kukwera ndi kutsika kwa golide kwenikweniko. Chachiwirichi chikhoza kudya choyamba. Mu Sepitembala 2011 dola inali pafupi ndi K165, ndiye aunzi ya madola 1,895 inali K313,000. Mu Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa n'kumasulidwa, ndipo pofika Disembala 2015 dola inali itadutsa K600. Aunzi ya madola 1,050 inali pafupifupi K650,000. Poyang'ana manambala okha, mwini golide anapindula kawiri. Koma m'zaka zinayi zimenezo mitengo ya zinthu m'Malawi inkakwera kuposa 20 peresenti chaka chilichonse, kutanthauza kuti nayo inaposa kawiri. Dola inakwera pafupifupi kanayi, golide kawiri kokha. Anaposa wosunga makwacha m'nyumba, n'zoona, koma pogula ufa, sopo ndi feteleza sanapite patsogolo, ndipo theka la chitetezo chomwe ankayembekezera linathera pakugwa kwa golide ku London.

Masamu onsewa akuyerekeza kuti munthu amagula ndi kugulitsa pa mtengo wa ku London, zomwe sizichitika kwa munthu wamba. Wogulitsa amaika phindu lake pamwamba, wogula kwa inu amachotsa lake pansi. Kusiyanaku kumakula chidutswa chikakhala chaching'ono, ndipo kumakula kwambiri pa mphete ndi mikanda, chifukwa mumalipira luso la wosula koma pogulitsa amangoyeza kulemera kwa golide yekha. Mphete ya makarati 18 ili ndi golide 75 peresenti basi, ya 22 ili ndi 91.7. Mukaluza 10 peresenti polowa ndi potuluka, mtengo uyenera kukwera ndi zoposa pamenepo musanayambe n'komwe kulimbana ndi kukwera kwa mitengo. Golide wa m'mitsinje, wonga amene anthu amakumba ku Makanjira m'boma la Mangochi, ali ndi zovuta zinanso. Ndi wosayenga, kuyera kwake sikudziwika popanda kumuyeza, ndipo kumugula ndi kumugulitsa kumafuna chiphaso cha boma. Wachinyengo aliponso wambiri. Golide weniweni ndi wolemera modabwitsa, magalamu 19.3 pa kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse, pomwe mkuwa wosakaniza sufika magalamu 9, ndiye sikelo ndi madzi zimaulula chinyengo chotere. Koma chitsulo cha tangisiteni chimalemera pafupifupi chimodzimodzi ndi golide, ndipo chikakutidwa bwino sikelo siona kanthu.

Palinso golide wongolembedwa papepala, amene wina akukusungirani. Abale athu a ku Zimbabwe anaona zimenezi. Mu Epulo 2024 dzikolo linatulutsa ndalama yatsopano yotchedwa ZiG, n'kunena kuti kumbuyo kwake kuli golide ndi ndalama zakunja. Inayamba pa 13.56 pa dola. Mu Sepitembala chaka chomwecho banki yaikulu inaigwetsa ndi zoposa 40 peresenti tsiku limodzi, m'chaka chimene golide padziko lonse ankakwera. Dzina la golide pandalama silinateteze wogwira ndalamayo, chifukwa chimene anali nacho m'manja linali lonjezo la boma.

Sindikunena kuti golide alibe malo. Pamene ndalama ya dziko yatheratu, monga zinachitikira ku Zimbabwe mu 2008, kapena pamene banja likuthawa nkhondo, kachidutswa kolowa m'thumba kamene kamalandiridwa m'dziko lililonse ndi kamtengo wapatali kuposa buku la kubanki. Imeneyo ndi ntchito ina, yoteteza ku tsoka lalikulu, ndipo munthu amaipatsa gawo laling'ono la chuma chake, lomwe angapirire kuliona litatsika ndi theka osakakamizika kugulitsa. Cholakwa cha munthu wathu wa 1980 chinali kupereka kwa golide ntchito imene sangaigwire, yosunga mphamvu ya ndalama za ukalamba wake pa tsiku lodziwika, ndiponso kumupatsa ntchitoyo pamene aliyense anali atathamangira kale komweko.

Mu 2025 mzere wa ogula unabwereranso. Mtengo unadutsa madola 3,000 mu Malichi ndi 4,000 mu Okutobala. Pali zifukwa zenizeni zomwe kunalibe mu 1999. Chuma cha banki yaikulu ya Russia chitatsekeredwa m'mayiko a azungu mu 2022, mabanki aakulu a mayiko ambiri anayamba kugula golide mwamphamvu, matani oposa 1,000 pachaka mu 2022, 2023 ndi 2024, malinga ndi bungwe la World Gold Council. Ogula oterewa akhoza kusunga mtengo pamwamba kwa nthawi yaitali. Koma cholinga chawo si chofanana ndi cha mphunzitsi kapena namwino amene akusunga za penshoni. Banki yaikulu ilibe tsiku lopuma pantchito, ndipo ikhoza kudikira zaka 45.

Chitaninso masamu aja. Madola 4,000 kugawa ndi mlozo wa pafupifupi 325 imatipatsa 12 ndi kanthu, kuposa 11 wa Januwale 1980. Wogula pamtengo umenewo akulipira golide zambiri, poyerekeza ndi mtengo wa chakudya ndi lendi, kuposa mmene munthu wathu analipirira. Yankholi likadzabwerera pa 8, pamene linali pachimake cha 2011, adzakhala wataya gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya ndalama zake. Likadzafika pa 4.4 wa 2015, adzakhala wataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo apo tisanachotsepo phindu la womugulitsa ndi la womugula.